Chimbale cha Mpira wa ku Liwaladzi

Sailesi Mpaweni ndinakhala naye khonde limodzi zaka khumi ndi ziwiri pa Boma la Nkhotakota, kuseri kwa msika. Chipinda changa chinali chometera, chake chinali cha zithunzi ndi kanema. Khoma lotilekanitsa linali lopyapyala, moti nyimbo zonse za maukwati a boma lino ndinazimva kambirimbiri osaitanidwa ngakhale ku umodzi.

Anali munthu wamfupi, wamapewa opapatiza, wokonda kufotokoza zinthu mpaka womvera kutopa. Kwawo kunali ku Kanyenda, m'banja la asodzi, koma iye nyanja sinamufune. Anayamba ndi njinga ndi kamera ya zithunzi, kuzungulira m'midzi Loweruka, filimu n'kumaitumiza ku Lilongwe pa basi kuti akaitsuke. Zipani zitachuluka ndi njira zitatseguka, anatsatira anzake ku Joni. Kumeneko anakhala zaka zisanu akunyamula nthambo ndi magetsi kwa munthu wina wojambula maukwati, ndipo pang'ono ndi pang'ono bwanayo anamulola kukhala pa kompyuta. Anabwerera mu 2002 ali ndi kamera ya timatepi tating'ono ngati bokosi la machesi, ndi kompyuta yakale yomwe anaikulunga m'bulangete. Mkazi wake Zuhura, yemwe ankagulitsa mpunga mumsika, anamufunsa ngati zaka zisanu zonsezo zinali za katundu yekhayo. Sailesi anamuyankha kuti inde.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Akajambula, ankalumikiza kamera ku kompyuta ndi nthambo, zithunzi n'kumalowa pa liwiro lomwe anajambulira, ola la tepi, ola lodikira. Kenako ankaziyala pa mzere wa m'munsi mwa galasi umene ankautchula taimulaini, n'kumadula apa, kulumikiza apo, akuyang'ana pa kawindo kakang'ono ka pamwamba. Akamaliza, kompyuta inkafinya kanemayo kuti akwane pa chimbale cha Visidi, chifukwa makina oonetsera amene anthu anali nawo masiku amenewo anali a Visidi okhaokha. Kufinyako kunkatenga maola anayi kapena asanu, ndipo magetsi akazima pakati ankayambiranso. Akwati ena ankadandaula kuti pa kompyuta ankaoneka owala koma pa chimbale nkhope zafewa ngati zapakidwa mafuta. Sailesi akayamba kuwafotokozera chifukwa chake, ankatola chimbale chawo n'kumapita iye ali pakati pa mawu.

Kumapeto kwa Epulo 2004, chisankho chili pafupi, munthu wina wofuna uphungu anaika chikho cha mpira ku Liwaladzi. Ndime yomaliza inagwera timu ya asodzi a pagombe pomwepo ndi timu ya odula mzimbe ochokera cha ku Dwangwa. Sailesi anaitanidwa kukajambula, ndipo anaima pa denga la lole m'mbali mwa bwalo. Mphindi zochepa mpira usanathe, woyimbira anapereka penate kwa a mzimbe. Anthu analowa m'bwalo mbali zonse. Miyala inayamba, kenako zibonga ndi nkhafi zomwe asodzi ena anathamangira kukatenga m'mabwato. Bwalolo ndi la mchenga, ndiye fumbi linakwera mpaka mapewa. Sailesi sanazimitse kamera. Anapitiriza kuitembenuza uku ndi uku mpaka mwala unagunda lole, iye n'kudumpha.

Pamene fumbi linatsika, Hassani, yemwe ankayang'anira timu ya asodzi, anali chigonere pafupi ndi golo, mutu utang'ambika pamwamba pa khutu. Palibe amene anavomera kuti anaona womukantha. Anamutengera ku chipatala cha pa Boma, ndipo Lolemba m'mawa anamwalira. Anamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke.

Lachiwiri kunabwera Abdulhamid, mkulu wake wa malemuyo. Anali mwini maboti atatu a injini, munthu wamtali, wolankhula motsitsa, amene anyamata ake ankamuopa kuposa mphepo ya mwera. Anaima kumbuyo kwa mpando wa Sailesi n'kuyang'ana pa kawindo kaja. Panali pa chiyambi cha mpira, osewera ataima pamzere, ndipo chilichonse chinkaoneka, manambala a pamsana ngakhale thukuta la pamphumi. Anati akufuna chimbale chokhala ndi ndewu yonse, osadulapo kanthu, mawa lomwelo. Sailesi anatenga chigawo chachiwiri cha mpira pamodzi ndi ndewuyo, pafupifupi ola lathunthu, n'kuyambitsa kufinya. Sanayang'ane ndewuyo chithunzi ndi chithunzi, ndipo sankadziwa n'komwe kuti nkhafi yomwe inapha Hassani ili pa tepi yake. Lachitatu munthu anabwera kudzatenga chimbalecho, iye asanachiyese n'komwe pa TV.

Zomwe zinachitika ku Liwaladzi tinazimva Lachinayi cha m'ma leveni kwa kondakitala wa minibasi amene anabwera kudzameta. Anati chimbalecho anachionera m'nyumba ya kanema ya pagombe, anthu atadzaza mpaka pakhomo. Chakumapeto, pa ngodya ya kumanzere kwa chithunzi, panaoneka munthu wopanda malaya, chinthu choyera kumutu, akukweza nkhafi n'kuitsitsa, wina n'kugwa. Anabweza n'kuimitsa kangapo. Nkhope panalibe, panali timabokosi tabulauni tokhatokha. Ndiye wina anafuula kuti goloboyi wa a mzimbe, Feston, ankasewera atavala kapu yoyera, ndipo jezi yake inang'ambidwa ndewu itangoyamba. M'mawa wa Lachinayi lomwelo anamudikirira pamsewu waukulu akupita kuntchito pa njinga, anamugwetsa, n'kumuponya mu pikapu. Kondakitalayo anati pano wamangidwa pa nsanamira mu shedi ya maukonde ya Abdulhamid, ndipo akumumenya ndi zingwe zonyowa kuti avomere.

Ndinasiya munthuyo mutu uli theka n'kukauza Sailesi. Anakhala pansi, anafufuza malo aja pa taimulaini, n'kuyamba kudina batani limodzi pang'onopang'ono, chithunzi chimodzi pa kudina kulikonse. Ine ndinali pambuyo pake. Nkhafi inakwera, inatsika. Pa zithunzi za kukanthako nkhope inali yopakika chifukwa munthuyo ankayenda mwaliwiro. Koma Hassani atagwa, wokanthayo anaima kanthawi kochepa, nkhafi ili m'manja, n'kucheukira kumene kunali lole. Sailesi anakulitsa ngodyayo. Choyera chija sichinali kapu. Chinali kofia yopeta, yopanda khonde kutsogolo. Ndipo nkhopeyo tonse tinkaidziwa. Anali Salimu, mwana wa mlongo wawo wa Abdulhamid ndi Hassani, yemwe ankayendetsa imodzi mwa maboti a atsibweni akewo. Titabweza pang'ono zinaoneka kuti ankathamangitsa munthu wa mzimbe amene ankathawa, ndipo Hassani analowa pakati atatambasula manja.

Sailesi anaitanitsa Zuhura kumsika, n'kumupatsa kamera, tepi ili momwemo, kuti akaibise pansi pa matumba a mpunga. Ndinamuuza kuti tipite kupolisi nthawi yomweyo. Iye anati adikire atulutse kaye zithunzi zitatu zoonetsa nkhopeyo pazokha, kuti akafika kumeneko asamangolankhula pakamwa. Ndikuganiza kuti mantha nawonso analipo. Kutchula Salimu kunali kuika dzanja m'nyumba ya Abdulhamid.

Pikapu inafika iye asanamalize. Anatsika anthu asanu, Abdulhamid ali patsogolo, ndipo Salimu anali mmodzi wa iwo, chitsulo chopopera jeke chili m'manja. Pambuyo pake tinamva chomwe chinawabweretsa. Feston anakana mpaka kukomoka, ndipo Shehe wa kumeneko anaima pakhomo la shedi n'kunena kuti sangalole munthu kufa chifukwa cha chithunzi chopanda nkhope. Apo Abdulhamid anakumbukira zomwe anaona pa kompyuta Lachiwiri. Salimu ndiye anathira mafuta pamoto, kuti wojambulayo amadya ndi a ku Dwangwa, maukwati awo amajambula ndiye, ndipo wafufuta nkhopeyo dala.

Sanapereke moni. Awiri anamukoka Sailesi pampando n'kumugwetsa pansi, ndipo anamuponda m'nthiti ndi kumaso mpaka anasiya kudziteteza. Ine nditayesa kulowa, wina anandikankha ndi chigongono pakhosi, ndinakagwera pa benchi ya pakhonde. Anthu a mumsika anasonkhana koma anaima patali. Kenako Abdulhamid anakweza dzanja, anakoka mpando, n'kukhala moyang'anana ndi Sailesi yemwe anali atatsamira khoma, magazi akutuluka m'mphuno.

"Ndikufunsa mafunso, undiyankhe bwinobwino," anatero Abdulhamid. "Lachiwiri ndinaima apa. Pa makina akowa ndinaona nambala ya mwana aliyense. Pa chimbale chimene wandipatsa munthu alibe maso, alibe mphuno. Wachita chiyani?"

"Sindinachite kanthu, bwana. Chimene munaona apa si chimene chili pa chimbale. Apa munaona zochokera pa tepi mmene zilili. Chimbale n'chofinya."

"Chofinya bwanji?"

Sailesi analavula magazi m'dzanja n'kupukutira pa buluku. Anafotokoza kuti ola limodzi la tepi, likalowa mu kompyuta, limatenga malo okwana zimbale pafupifupi makumi awiri. Kuti ola lomwelo likwane pa chimbale chimodzi, kompyuta imataya magawo khumi ndi asanu ndi anayi n'kusunga limodzi. Choyamba imachepetsa chithunzi chenichenicho, theka m'litali, theka m'lifupi, moti pa timadontho tinayi timene timapanga chithunzi pamatsala kamodzi. Munthu amene ali patali, nkhope yake n'kale yaing'ono, ndiye ikachepetsedwa chotero pamatsala chimbuuzi.

Abdulhamid anamudula. "Bodza. Pa chimbale chomwecho, poyamba, wophunzitsa timu akulankhula ndi ana, ndikumuona bwinobwino mpaka mano. Pofika pa m'bale wanga pokha ndiye pawonongeka. Makina amadziwa bwanji posankha?"

"Sasankha munthu, bwana. Amasankha kuyenda. Chimbale chili ndi muyeso umodzi pa sekondi iliyonse, sungapitirire. Pamene zinthu zaima, makina sajambulanso zonse, amangoti apa n'chimodzimodzi ndi chithunzi chapitacho, n'kulemba chokhacho chimene chasintha. Malo amakwana. Koma pa ndewu paja chilichonse chikuyenda. Anthu mazana, fumbi, ndi ine ndemwe dzanja likunjenjemera. Palibe chobwereza. Muyeso uja sukwana, ndiye makina amagawa chithunzi m'timabokosi, kabokosi kalikonse n'kukapaka mtundu umodzi kapena iwiri. Nkhope ya munthuyo inagwera m'timabokosi tiwiri."

Mmodzi wa anyamata aja anaseka n'kunena kuti munthuyu ndi mphunzitsi. Abdulhamid sanaseke. Anafunsa chifukwa chake pa kompyuta timabokosito sitioneka. Sailesi anati chifukwa pa taimulaini kanemayo amakhala asanafinyidwe, ndiponso kawindo kake n'kakang'ono ngati chikhatho, ndipo chithunzi chaching'ono chimaoneka chakuthwa nthawi zonse. Ku nyumba ya kanema anatenga chithunzi chochepetsedwa kale n'kuchitambasula pa TV yaikulu, kenako n'kuchiimitsa pamalo oipitsitsa.

Kenako Abdulhamid anafunsa funso limene ine ndinkaliopa.

"Ndiye kuti m'makina umu nkhope ilimo?"

Sailesi anayang'ana pansi. Sanayang'ane kwa Salimu, ngakhale pang'ono.

"Ilimo."

"Ndi ya Feston?"

"Ayi, bwana. Mumasuleni munthu uja."

"Ndionetse."

Sailesi anadzikoka mpaka pa tebulo n'kutambasula dzanja lamanja kuti agwire mausi. Chitsulo cha Salimu chinatsika pa dzanja lomwelo. Ndinamva mafupa akuthyoka ndili pakhonde, ngati munthu waponda nkhuni zouma. Sailesi sanakuwe nthawi yomweyo, anangotsegula pakamwa. Salimu anatembenukira ku galasi la kompyuta n'kulikantha, linaphulika, magalasi n'kumwazika mpaka panja. Kenako anagwetsa bokosi la kompyutalo pansi n'kumalimenya, akufuula kuti amenewa ndi matsenga, munthuyu akhoza kuika nkhope ya aliyense pamenepo, akufuna kunamizira wosalakwa. Analimenya mpaka zitsulo za m'kati zinatuluka, ndipo sanasiye. Anzake anayamba kuyang'anana. Abdulhamid anamuuza kawiri kuti basi, kachitatu anamugwira dzanja n'kumulanda chitsulocho.

Ndi nthawi imeneyi pamene Zuhura anafika, atamva mumsika. Anadutsa pakati pa anthu, anaona mwamuna wake atadzipinda pansi, zala zitaloza kosiyanasiyana, ndipo anagwada n'kumukulunga dzanjalo ndi mpango wake. Sailesi anamunong'oneza kanthu. Zuhura anapukusa mutu. Anamunong'onezanso. Mayiyo anaimirira, anatuluka, ndipo patapita mphindi zochepa anabwerera ndi kamera ili m'thumba la mpunga.

Salimu ataiona anadumpha, koma Abdulhamid anali ataima kale pakati. Anafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Sailesi, mawu akutuluka pang'onopang'ono, anati zimene zinali mu kompyuta zinali zokopera chabe. Tepi yeniyeni ndi iyo, ndipo palibe makina amene aifinya kapena kuikhudza chichokereni ku Liwaladzi. Ikalumikizidwa ku TV ionetsa zonse zimene kamera inaona.

TV inali kwa ine. Anamunyamula Sailesi n'kumukhazika pa mpando wometera. Iye anandiuza polowetsa nthambo yachikasu, ndipo ndi dzanja lamanzere anabweza tepi. Abdulhamid analamula kuti chitseko chitsekedwe, iye n'kutsamira pomwepo. M'chipindamo tinali anthu asanu ndi atatu, ndipo mpweya unali wochepa. Pa TV panabwera fumbi lija ndi phokoso la anthu, koma tsopano munthu aliyense anali ndi m'mphepete mwake, ndipo ngakhale timitengo ta kuseri kwa golo tinkaoneka. Nkhafi inakwera. Hassani analowa atatambasula manja. Anagwa. Wokanthayo anacheuka, ndipo Sailesi anaimitsa.

Palibe anafunikira kuuzidwa. Kofia ija inali yomweyo imene Salimu anali atavala m'chipindamo.

Abdulhamid anayandikira TV mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Kenako anatembenuka.

"Unanyamula maliro a atsibweni ako pa jeneza," anatero motsitsa. "Unali kutsogolo."

"Sindinawaone, atsibweni. Ndinkamenya wina. Anangolowa."

"Nanga uja wa ku shedi, chingwe choyamba anamumenya ndani?"

Abdulhamid anamukantha Salimu ndi chitsulo chija pa bondo, mnyamatayo n'kugwa pakati pa mipando. Anamukanthanso pa phewa ndi pamsana. Galasi langa lalikulu linagwa, mabotolo a spiriti n'kusweka. Salimu anakwawira pansi pa benchi akuitana dzina la amayi ake, ndipo Abdulhamid anamukoka ndi mwendo n'kumuponda pakhosi. Anyamata atatu aja anaima ngati mitengo. Amene anadziponya pakati anali Zuhura. Anagwira chitsulocho ndi manja awiri n'kumuuza Abdulhamid kuti ngati akufuna kupha mwana wa mlongo wake akamuphere kwawo, osati pamaso pa mwamuna wake, ndipo kuti pamene akutaya nthawi pano munthu wosalakwa akufa pa nsanamira. Abdulhamid anamukoka mayiyo uku ndi uku, koma Zuhura sanasiye chitsulo. Pomaliza Abdulhamid ndiye anasiya. Anakhala pansi pa magalasi osweka aja n'kuphimba nkhope.

Apolisi anafika atauzidwa ndi anthu a mumsika. Anatenga Salimu, Abdulhamid ndi anyamata aja, pamodzi ndi kamera ndi tepi, ndipo galimoto ina inathamangira ku Liwaladzi. Feston anamupeza ali moyo. Diso lamanzere linali litaphulika, nthiti zinayi zitathyoka, ndipo zingwe zinali zitadya m'mikono mpaka mnofu woyera. Anamugoneka chipinda chimodzi ndi Sailesi, mabedi oyang'anana. Ndikapita kukawaona ndinkapeza sakulankhulana. Tsiku lachisanu Sailesi anamupempha kuti amukhululukire, kuti akanayang'ana chimbalecho asanachipereke akanadziwa kuti n'chosathandiza, ndipo akanawachenjeza. Feston anamuyang'ana ndi diso lotsalalo n'kunena kuti iye za makina sazidziwa, chimene akudziwa n'chakuti ali ndi ana atatu ndipo chikwanje sadzachigwiranso. Sananene kuti wakhululuka, ndipo Sailesi sanafunsenso.

Mlandu unatenga zaka ziwiri kuti ulowe m'khoti. Sailesi anaitanidwa kukachitira umboni, ndipo loya wa Salimu anamufunsa mafunso omwe aja: chifukwa chiyani chimbale chikuonetsa china, tepi china, ndipo khoti likhulupirire chiti. Anayankha kuti sizikuonetsa zosiyana, kungoti chimodzi chataya zambiri. Anapempha kuti aonetse zonse ziwiri motsatizana pa TV imodzi, ndipo woweruza analola. Loyayo anafunsanso ngati munthu angatenge chimbalecho n'kuchikonza kuti nkhope ibwerere. Sailesi anati ayi, chimene chatayidwa pofinya chapita, ndipo aliyense amene angakuonetseni nkhope kuchokera pa chimbale chimenecho waijambula yekha. Salimu anapezeka wolakwa pa kupha munthu mosakonzekera. Abdulhamid ndi anyamata ake anamangidwa chifukwa cha Feston ndi Sailesi. Abdulhamid atatuluka anagulitsa maboti awiri n'kusamukira ku Salima, ndipo ndimamva kuti iye ndi mlongo wake sanalankhulanenso.

Dzanja la Sailesi linapola mokhota. Zala zitatu sizinapindikenso, ndipo kukazizira ankaliika m'khwapa. Kwa chaka chathunthu analibe kompyuta, ndiye anabwerera ku zithunzi za ziphaso, kamera yakale ija ataiika pa miyendo itatu, akudina ndi chala chamanzere. Anthu ena a ku Liwaladzi anasiya kumuitana, ankati kamera yake ili ndi tsoka. Ena, makamaka a ku Dwangwa, anayamba kumufuna kwambiri. Kamera ya kanema itabwezedwa mlandu utatha, Zuhura ndi amene anaphunzira kuinyamula, chifukwa imafuna dzanja lamanja. Poyamba anthu ankaseka kuona mayi wa mpango atakwera pa tebulo pakati pa ukwati. Anali ndi dzanja lokhazikika kuposa mwamuna wake, ndipo Sailesi ankavomereza zimenezo pamaso pa anthu. Iye ankakhala m'chipinda n'kumadula, mausi ili kumanzere.

Makina a Dividi atafika, zithunzi zinayamba kutuluka bwino, koma Sailesi sankalola kuthira maola anayi pa chimbale chimodzi monga ankachitira anzake. Ankati ukachulukitsa nthawi, muyeso wa sekondi iliyonse umachepa, ndipo timabokosi timabwerera pa gule ndi pa madzi. Ankagawa ukwati pa zimbale ziwiri ngakhale mwini wake atakana, ndipo sankapereka chimbale asanachionere yekha pa TV yanga kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Makasitomala anga anaonera maukwati ambiri chonchi akudikira mpando.

Mu 2014 eni nyumba anagwetsa khonde lathu kuti amange mashopu atsopano. Ine ndinasamukira pafupi ndi depoti. Sailesi ndi Zuhura anabwerera ku Kanyenda, kumene anatsegula kagolosale ndi kulima mpunga, chifukwa nthawi imeneyo aliyense anali atayamba kujambula yekha ndi foni. Shuga anamupeza kumeneko, ndipo maso anayamba kuchita mdima. Ndinapita kukamuona chaka chatha chilimwe. Ndinamupeza pa mkeka kuseri kwa golosale akusankha mpunga ndi dzanja lamanzere, mwa kukhudza. Anandizindikira ndi mawu. Anandifunsa ngati ndinabwera ndi makina ometera, ndipo nditati ayi anatumiza uthenga kwa mnansi kuti abwereke lumo. Ndinamumeta pomwepo, Zuhura atagwira beseni, ndipo tsitsi lake lonse linali loyera.